Kalata Imene Imaika Mtengo pa Moto

Nyumba yaikulu yosungiramo katundu ikapsa, anthu amaona utsi, galimoto za ozimitsa moto ndi mwini bizinesi atagwira kumutu. Patapita masiku ochepa, mu ofesi ya kampani ya inshuwalansi mumalembedwa kalata ya masamba awiri kapena atatu imene mwini bizinesiyo sadzaiona. Amailemba ndi woona za makilemu, munthu amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a amene zawagwera, kufufuza ndi kulipira. Amalembera mnzake wa m'kampani momwemo, woona za mapangano, amene anavomera kuteteza katunduyo, anaika mtengo wa pulimiyamu ndi kulemba malamulo a panganolo. Kalatayo imanena zinthu zitatu: chachitika n'chiyani, kodi pangano lathu likuchikhudza, ndipo tipatule ndalama zingati.

Ndalama zopatulazo amazitcha rizevu. Sikuti amazitenga n'kuziika m'bokosi lapadera. Ndi nambala imene imalembedwa m'mabuku a kampani ngati ngongole, kunena kuti pa kilemu iyi tikuyembekeza kudzatulutsa zochuluka chonchi ikadzatha yonse. Si lonjezo kwa kasitomala, ndiponso si mtengo woyambira kunenerera. Ndi kuyerekeza kochokera pansi pa mtima, kochitidwa nthawi imene zambiri zisanadziwike. Luso lonse la kalatayi lagona pamenepo: kulemba nambala yoona msanga, ndi kuonetsa poyera kuti mbali iti yadziwika, mbali iti ndi yongoganizira, ndi mbali iti ikudikira yankho.

Chifukwa chiyani kilemu yaikulu imatumizidwa

Woona za makilemu aliyense ali ndi malire a ndalama zimene angavomereze yekha. Galasi la galimoto likasweka kapena akuba akaba makompyuta awiri mu ofesi, amamaliza nkhaniyo pa desiki pake. Koma kilemu ikadutsa malire ake, kapena ikafika pa mlingo umene kampani inati ndi kilemu yaikulu, ayenera kuitumiza kwa akuluakulu ake ndi kwa woona za mapangano. Kope la kalatayo limapitanso kwa owerengera chuma ndi kwa oona za riinshuwalansi, ndiko kuti inshuwalansi imene kampani ya inshuwalansi imadzigulira yokha kwa makampani aakulu kuposa iyo.

Woona za mapangano amafunika pa zifukwa zomveka. Ndiye amene ali ndi fayilo ya panganolo: fomu imene kasitomala anadzaza pofunsira inshuwalansi, lipoti la amene anakayendera malowo, makalata a buloka, ndi umboni wakuti pulimiyamu inalipidwa. Ngati mawu ena a m'pangano ali ndi matanthauzo awiri, ndiye angafotokoze chimene anagwirizana. Komanso kilemu yaikulu imasintha ntchito yake yam'tsogolo, chifukwa ayenera kuganiza ngati adzapitiriza kuteteza kasitomalayo, pa mtengo wanji, ndiponso ngati pali malo ena m'buku lake amene ali ndi vuto lofanana.

Kuti zimveke, titsatire chitsanzo chimodzi. Kampani ndi ziwerengero zake n'zongopeka pofuna kuphunzitsira, koma kawerengedwe kake ndi kamene amatsata pa ntchitoyi.

Moto wa Loweruka usiku

Kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe ili ndi nyumba yosungiramo shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere. Pangano lake lili ndi zigawo zitatu. Nyumbayo anaiteteza pa K800 miliyoni, katundu wa m'kati pa K1.2 biliyoni, ndipo phindu limene lingatayike bizinesi itaima analiteteza pa K600 miliyoni kwa miyezi 12. Pulimiyamu ya zonsezi ndi K9 miliyoni pachaka. Pa kilemu iliyonse kasitomala amadzilipirira yekha K10 miliyoni zoyamba, zimene amazitcha ekisesi.

Moto wabuka Loweruka usiku. Lolemba m'mawa buloka waimba foni ndi kutumiza kalata. Tsiku lomwelo woona za makilemu watsegula fayilo, waika nambala yongoyembekezera m'kompyuta, ndipo watuma asesa, katswiri wodziimira payekha wowerengera zowonongeka. Asesa wapita pamalopo Lachiwiri, wajambula zithunzi, walankhula ndi alonda, watenga mabuku a katundu amene anapulumuka, ndipo Lachisanu watumiza lipoti lake loyamba. Malire a woona za makilemu ndi K50 miliyoni. Moto uwu wawadutsa kutali, choncho kalata iyenera kulembedwa, ndipo sidikira lipoti lomaliza limene lingatenge miyezi.

Wolemba wodziwa ntchito sayamba ndi mbiri ya moto. Amayamba ndi chimene akufuna, chifukwa wowerengayo ali ndi mafayilo ena pa desiki. Pansi pa nambala ya pangano, nambala ya kilemu ndi tsiku la ngozi, ndime yoyamba imamveka motere:

“Bambo, ndikukudziwitsani za moto umene wawononga nyumba yosungiramo katundu ya kasitomala wathu ku Limbe. Ndikupempha kuti rizevu ikhale K1.63 biliyoni, pamene K150 miliyoni ndi gawo lathu ndipo zotsalazo ndi za ariinshuwalansi. Sitinavomere kapena kukana kilemuyi. Pali mafunso atatu amene ndikupempha muyankhe pofika Lachitatu, ndipo ali kumapeto kwa kalatayi.”

Amene wawerenga mizere inayiyo wadziwa kale kukula kwa nkhani, pamene yafika, ndi chimene akuyenera kuchita. Zotsatirazo ndi umboni.

Zodziwika ndi zongomva

Ndime yofotokoza ngozi imakhala yaifupi, koma ndi imene imavuta kulemba. Alonda akuti anaona utsi cha m'ma 11 koloko usiku ku ngodya imene kuli bokosi la magetsi. Asesa waona kuti kumeneko ndi kumene kwapsa kwambiri. Lipoti la ozimitsa moto ndi la apolisi silinatuluke. Kalata yabwino imanena zimenezi monga momwe zilili, ndipo imatchula amene wanena chilichonse. Silemba kuti moto unayamba chifukwa cha magetsi, koma kuti asesa akuganiza choncho pakadali pano, ndi kuti katswiri wofufuza chiyambi cha moto wapemphedwa kukaona.

Pali chifukwa china chosamalira mawu. Kalatayi ndi ya m'kati mwa kampani, koma nkhani ikafika ku khoti, woweruza angathe kulamula kuti mafayilo aonetsedwe. Ngati wolemba anaika mphekesera, mwachitsanzo kuti mwini bizinesi ali ndi ngongole zambiri ndiye mwina anayatsa yekha, mawuwo adzawerengedwa pamaso pa munthuyo ndi loya wake. Akadzakana kilemu pa chifukwa china chomveka, mawu aja adzaoneka ngati umboni wakuti kampani inali itaweruza kale isanafufuze. Ngati pali chokayikitsa chenicheni, monga katundu wochuluka modabwitsa amene anagulidwa sabata yomweyo, amachilemba ngati chinthu chofunika kufufuza, osati ngati mlandu.

Mmene nambala imamangidwira

Mtima wa kalatayi ndi kawerengedwe ka rizevu. Nambala imodzi yopanda masamu ake siithandiza aliyense, chifukwa palibe angaitsutse kapena kuikonza. Choncho wolemba amaiphwanya chigawo ndi chigawo.

Ayambe ndi nyumba. Asesa akuti kukonza denga, zitsulo ndi makoma amene ang'ambika kudzadya K500 miliyoni. Koma wawerengeranso kuti kumanga nyumba yonseyo mwatsopano lero kungadye K1 biliyoni, pamene kasitomala anaiteteza pa K800 miliyoni basi. Mapangano ambiri a moto ali ndi lamulo la avereji, limene limati ukateteza katundu pa mtengo wochepera mtengo wake weniweni, gawo lotsalalo wadziteteza wekha. Kasitomalayu anateteza magawo 80 pa 100, choncho adzalandira magawo 80 pa 100 a zowonongeka, ndiye kuti K400 miliyoni. K100 miliyoni zotsalazo ndi zake. Vuto limeneli ndi lodziwika kuno kwathu. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya malata, zitsulo ndi zipangizo zina zochokera kunja inakwera, ndipo aliyense amene sanakweze mtengo wa pa pangano lake anatsala m'mbuyo osadziwa.

Kachiwiri, katundu wa m'kati. Mabuku akuonetsa kuti usiku wa motowo munali katundu wa K1.1 biliyoni. Popeza anateteza pa K1.2 biliyoni, avereji siikhudza chigawo ichi. Katundu wa K900 miliyoni wapsa kapena wawonongeka ndi madzi ndi utsi. Apa wolemba amachenjeza kuti mtengo umene akugwiritsa ntchito ndi wogulira, osati wogulitsira, ndiponso kuti nambalayo yachokera m'mabuku a kasitomala amene sanafananizidwe ndi malisiti a ogulitsa. Asesa akuganiza kuti sopo ndi mafuta ena opulumuka angagulitsidwe pa K60 miliyoni. Wolemba wathu wazitchula, koma sanazichotse pa rizevu, chifukwa wogula sanapezeke ndipo katundu wonunkha utsi amatsika mtengo tsiku ndi tsiku.

Chigawo chachitatu ndi chimene chimapusitsa ambiri: phindu lotayika. Nyumba yopsa imaoneka ndi maso, koma phindu lotayika likupitirira kutayika pamene kalata ikulembedwa. Phindu la kampaniyi, monga momwe pangano likuliwerengera, ndi pafupifupi K50 miliyoni pamwezi. Wolemba akuganiza kuti miyezi iwiri yoyamba malonda aima kotheratu, zomwe ndi K100 miliyoni. Kenaka kwa miyezi 6, pamene akugulitsira m'nyumba yalendi yocheperako, malonda adzakhala theka, zomwe ndi K150 miliyoni. Lendi ndi kusamutsa katundu zidzadya K30 miliyoni, ndipo pangano limalipira zimenezi chifukwa zimachepetsa phindu lotayika. Chigawo chonse chakwana K280 miliyoni. Ayenera kunena poyera kuti nambalayi yatsamira pa ganizo lakuti nyumba idzatha m'miyezi 8. Zitsulo zikachedwa pa doko la Beira, kapena ndalama zakunja zoitanitsira zikasowa, mwezi uliwonse wowonjezera ndi K25 miliyoni ina, ndipo lendi ili pamwamba pake.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma siziiwalika. Kuchotsa zogumuka ndi phulusa ndi K20 miliyoni. Zonse zolipira kasitomala zikuphatikizana motere: K400 miliyoni, K900 miliyoni, K280 miliyoni ndi K20 miliyoni zikupanga K1.6 biliyoni, ndipo tikachotsa ekisesi ya K10 miliyoni patsala K1.59 biliyoni. Pamwamba pake pali ndalama zoyendetsera kilemu, za asesa, katswiri wa moto ndi maloya, zimene waziika pa K40 miliyoni. Rizevu yonse ndi K1.63 biliyoni.

Wolemba amawonjezera mizere iwiri yonena kuti zinthu zikayenda bwino nambala ingatsike kufika pati, ndipo zikaipa ingakwere kufika pati. Koma sabisala kumbuyo kwa malire awiriwo. M'mabuku mumalowa nambala imodzi, ndipo iye amanena kuti ndi iti. Nambalayo si mtengo wonse wa pa pangano, K2.6 biliyoni, chifukwa zonse sizinapse. Sinso imene kasitomala akufuna, imene nthawi zambiri imakhala yokwera chifukwa iye sanawerengere avereji. Ndi imene umboni wa lero ukuloza.

Mafunso atatu

Kumapeto kwa kalata kuli zimene woona za mapangano yekha angayankhe. Funso loyamba ndi la pulimiyamu: kodi inalipidwa, liti, ndipo ngati inadzera kwa buloka, inafika? Mapangano ambiri amanena kuti pulimiyamu ikapanda kulipidwa m'masiku oikika, chitetezo chimaima. Funso lachiwiri ndi la banki. Ngati nyumba kapena katunduyo ndi chikole cha ngongole ndipo dzina la banki linalembedwa pa pangano, ndalama siziyenera kupita kwa kasitomala yekha. Kampani imene yalipira munthu wolakwika ingathe kulipira kawiri.

Funso lachitatu ndi lolemera. M'fayilo muli lipoti la woyendera malo amene anapita ku nyumbayo miyezi 10 yapitayo. Iye anaona kuti mawaya a pa bokosi la magetsi ndi akale, ndipo analemba kuti akonzedwe m'masiku 60. Moto ukuoneka kuti unayambira pomwepo. Woona za makilemu akufunsa kuti: kodi mawu amenewa analowa m'pangano ngati lamulo loti kasitomala akaliphwanya chitetezo chigwa, kapena anangokhala malangizo? Kodi kasitomala anauzidwa m'kalata? Kodi pali amene anatsatira kuti aone ngati anakonza? Yankho lake ndi limene lingasiyanitse kulipira K1.59 biliyoni ndi kukana zonse.

Apa ndi pamene pali chiyeso chachikulu. Popeza mwina kilemu idzakanidwa, bwanji osaika rizevu ya theka, kapena yochepa chabe? Mwambo wabwino wa ntchitoyi umati ayi. Kufikira kampani itapeza chifukwa cholimba chokanira, ndipo maloya atachiona, rizevu imakhala ngati kilemu idzalipidwa. Chiyembekezo cha kukana si umboni. Chimodzimodzi ndi chiyembekezo chakuti ngati wokonza magetsi wina analakwitsa, kampani idzamutengera ku khoti n'kubweza zina. Zimenezo amazilemba m'kalata kuti umboni usungidwe, bokosi lamagetsi lopsalo lisatayidwe, koma samazichotsa pa nambala. Mlimi sagulitsa chimanga chimene chidakali ngaiyaye m'munda.

Funso lachitatuli limakhudzanso wolandira kalatayo. Ngati malangizo aja sanalowe m'pangano ndipo palibe anawatsatira, ndiye kuti mpata unali ku dipatimenti yake. N'chifukwa chake makampani oyendetsedwa bwino amalekanitsa mphamvu. Woona za mapangano amapereka mapepala ndi kufotokoza zimene anagwirizana, koma siye amene amatsitsa rizevu. Ntchito yake imayezedwa poyerekeza makilemu ndi mapulimiyamu amene wabweretsa. Ngati buku lonse la moto limabweretsa K4 biliyoni pachaka, moto umodzi uwu wadya magawo oposa 40 pa 100 a ndalamazo ariinshuwalansi asanalipire gawo lawo, ndipo ukufanana ndi pulimiyamu ya kasitomalayu ya zaka pafupifupi 180. Munthu amene ali pa mpando umenewo sangalephere kulakalaka nambala yaing'ono. Iye ali ndi ufulu wotsutsa masamu, mwachitsanzo kunena kuti pangano lili ndi malire pa zochotsa phulusa amene wolemba sanawaone. Alibe ufulu wonena kuti tidikire chaka chithe.

Gawo la ariinshuwalansi

Palibe kampani ya inshuwalansi yanzeru imene imasenza yokha moto wa K1.63 biliyoni. M'chitsanzo chathu kampani inagwirizana ndi ariinshuwalansi kuti pa ngozi iliyonse idzalipira K150 miliyoni zoyamba, ndipo iwo adzalipira zopitirira pamenepo kufika pa malire ena. Ngati mgwirizanowo umawerengera pamodzi ndalama zoyendetsera kilemu, gawo lawo ndi K1.48 biliyoni. Makampani a kuno amagawana ngozi zotere ndi mabungwe monga Africa Re, limene likulu lake lili ku Lagos, ndi ZEP-RE ya ku Nairobi imene inakhazikitsidwa ndi maiko a COMESA, komanso makampani ena a ku South Africa ndi ku Ulaya.

Wina angafunse kuti ngati gawo lathu ndi K150 miliyoni kaya moto ndi wa K1 biliyoni kaya wa K2 biliyoni, kuvutikiranji ndi nambala yonse? Chifukwa choyamba n'chakuti kasitomala anapangana ndi kampani yathu, osati ndi ariinshuwalansi. Iwo akachedwa kapena akakana, ngongole yonse ikadali yathu. Chifukwa chachiwiri n'chakuti mgwirizano wa riinshuwalansi umafuna kuti iwo adziwitsidwe msanga, kawirikawiri kilemu ikangooneka kuti ingafike theka la gawo la kampani. Migwirizano ina imawapatsa ufulu wotenga nawo mbali posankha asesa ndi povomereza malipiro. Rizevu ikayamba yaing'ono, chidziwitsocho chimachedwa, ndipo ariinshuwalansi amapeza pogwira kuti akane kapena achedwetse. Choncho kalata imanena tsiku limene iwo adziwitsidwa, ndiponso ngati kampani idzawapempha kuti atumize gawo lawo msanga kuti kasitomala alandire zoyambira.

Nambala ikamakwera pang'onopang'ono

Cholakwa chodziwika kwambiri pa ntchitoyi si kulemba nambala yabodza kamodzi, koma kuikweza pang'onopang'ono. Sabata yoyamba K300 miliyoni, patapita miyezi itatu K600 miliyoni, kenaka K1 biliyoni, mpaka kufika pamene aliyense amene anaona zithunzi anadziwa kuyambira pachiyambi. Njira yozindikirira ndi yosavuta. Tengani kusintha kulikonse kwa rizevu n'kufunsa kuti ndi chiyani chatsopano chimene chinadziwika tsiku limenelo. Ngati pali lipoti latsopano, mtengo watsopano wa omanga kapena chigamulo cha khoti, kusinthako n'koyenera. Ngati palibe, ndiye kuti wina ankaopa kulemba nambala yaikulu.

Kuipa kwake kumafika patali. Kampani imaonetsa phindu limene kulibe, imagawa ndalama kwa eni masheya, ndipo imapitiriza kugulitsa inshuwalansi ya moto pa mtengo wotsika chifukwa ikuganiza kuti bukulo likuyenda bwino. Akatswiri owerengera za ngozi, amene amayerekeza ndalama za makilemu amene achitika koma sanafike ku ofesi, amamanga masamu awo pa nambala zomwezi, choncho nawonso amasochera. Ku Malawi, Reserve Bank of Malawi ndiyo imayang'anira makampani a inshuwalansi, ndipo malipoti amene imalandira osonyeza ngati kampani ili ndi chuma chokwanira kulipira makasitomala ake amachokera ku nambala za m'mafayilo ngati iyi.

Ku Britain kunachitika nkhani yosonyeza kumene njira imeneyi imathera. Kampani ya Independent Insurance inagwa mu Juni 2001, itakhala ikutamandidwa kwa zaka zambiri chifukwa cha phindu lake. Zinadziwika kuti makilemu ena aakulu sankalowetsedwa m'kompyuta ya kampani, koma ankasungidwa pa mindandanda yapadera, ndipo akatswiri owerengera aja sankawaona. Mu 2007 mkulu wa kampaniyo, Michael Bright, ndi akuluakulu anzake awiri anapezeka olakwa pa mlandu wa chinyengo, ndipo Bright analamulidwa kukhala m'ndende zaka 7. Chaka chomwecho cha 2001, mu Marichi, kampani ya HIH ku Australia inagwanso, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti chifukwa chachikulu chinali kupatula ndalama zochepa za makilemu.

Kuchulutsa dala nakonso n'kulakwa. Rizevu yonenepa imamanga ndalama zimene kampani ikanagwiritsa ntchito, imakweza mtengo umene ariinshuwalansi adzafune chaka chamawa, ndipo imachititsa woona za mapangano kukwezera makasitomala ena pulimiyamu popanda chifukwa. Imaperekanso mpata wobisa phindu chaka chino n'kudzalitulutsa chaka choipa. Woona za makilemu amene nthawi zonse amamaliza mafayilo ake pa ndalama zochepa kwambiri kuposa rizevu si wochenjera. Akungolakwitsa kulowera mbali inayo.

Yankho ndi zotsatira zake

M'chitsanzo chathu yankho lafika Lachitatu. Pulimiyamu inalipidwa pa nthawi yake. Banki ili ndi dzina pa chigawo cha nyumba chokha. Malangizo a mawaya anatumizidwa kwa buloka, koma sanalowe m'pangano ngati lamulo, ndipo palibe kalata yochenjeza kasitomala kuti chitetezo chingagwe. Maloya ataona mapepalawo alangiza kuti palibe pokanira. Rizevu ya K1.63 biliyoni yavomerezedwa, ndipo woona za mapangano wayamba kufufuza mafayilo ena onse amene ali ndi malangizo osatsatiridwa.

Patapita mwezi kampani yalipira K400 miliyoni zoyambira kuti kasitomala agule katundu ndi kutsegula m'nyumba yalendi. Kulipira msanga kumeneku kumathandiza mbali zonse ziwiri, chifukwa bizinesi ikayambiranso msanga phindu lotayika limachepa. M'mabuku, zotsala kulipira zatsika kufika K1.23 biliyoni, koma mtengo wonse wa kilemu ukadali K1.63 biliyoni. Anthu ambiri amasokoneza nambala ziwirizi. Kulipira kumachepetsa zotsala, sikuchepetsa mtengo wa moto.

Mtengo wonsewo umasintha pokhapokha chatsopano chikadziwika, ndipo kalata yoyamba inaika kale tsiku loonanso nkhaniyi, pakatha masiku 30 kapena lipoti lina likafika. Pa tsikulo malisiti a ogulitsa aonetsa kuti katundu wowonongeka anali wa K860 miliyoni, osati K900 miliyoni. Sopo ndi mafuta opulumuka zagulitsidwa pa K45 miliyoni, osati K60 miliyoni, ndipo tsopano ndalamazo zingachotsedwe chifukwa zalowa. Koma omanga anena kuti zitsulo zichedwa miyezi iwiri, zomwe zikuwonjezera K50 miliyoni pa phindu lotayika ndi K10 miliyoni pa lendi. Kalata yachiwiri, ya tsamba limodzi, yatsitsa nambala kuchoka pa K1.63 biliyoni kufika pa K1.605 biliyoni, ndipo kusintha kulikonse kuli ndi pepala lake.

Kwa mwini bizinesi amene ali ndi inshuwalansi ya moto, nkhaniyi ikusonyeza kumene ndalama zake zimagamulidwira. Chigawo chilichonse cha rizevu chatsamira pa pepala limene iye akanatha kulikonza moto usanabuke: mtengo wa nyumba wogwirizana ndi mitengo ya lero, mabuku a katundu amene kope lake limasungidwa kunja kwa nyumbayo, maakaunti osonyeza phindu la mwezi ndi mwezi, ndi umboni wakuti zimene woyendera malo analangiza zinachitidwa. Kasitomala wa m'chitsanzo chathu anataya K100 miliyoni pa pepala loyamba, ndipo pa lomaliza anapulumuka chifukwa choti kampani sinalembe malangizo ake ngati lamulo. Woona za mapangano amene walandira kalata yotereyi kamodzi sadzasiyanso mpata umenewo pa pangano lotsatira.